Imelo Yofiira ya A Lachisanu

Ku ofesi kwathu palibe ankawatchula dzina lawo lenileni. Tonse tinkangoti a Lachisanu, chifukwa Lachisanu lililonse, ikamakwana 3 koloko masana, ankatumiza imelo kwa makasitomala yofotokoza pamene ntchito yawo yafika. Kaya kukugwa mvula, kaya magetsi azima, imeloyo inkapita basi, ngakhale achite kuilemba pafoni ndi chala chimodzi, magalasi ali pansonga pa mphuno.

Kampani yathu ndi yopanga mapulogalamu a pafoni ndi pakompyuta. Tinalipo anthu asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi chapamwamba, pansi pake pali shopu ya matayala, moti tsiku lonse tinkapuma fungo la labala. Ine ntchito yanga ndi kuyesa mapulogalamuwo asanapite kwa eni ake. Ndimadina paliponse mpaka china chiwonongeke, n'chifukwa chake anyamata anandipatsa dzina loti Mayi Zavuta. Amati ndikangotsokomola, aliyense mtima umathamanga. Zawo izo, ine sindinabwere kudzasangalatsa munthu.

A Lachisanu sankadziwa kulemba pulogalamu ngakhale mzere umodzi. Anali bambo wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, wamfupi, wa tayi imodzi yabuluu yomwe inkaoneka Lachisanu lokha. Ntchito yawo inali kuima pakati pa ife ndi makasitomala: kumva zimene akufuna, kutifunsa kuti zitha liti, n'kukawauza. Anali atagwira ntchitoyi zaka khumi ndi zinayi, kuyambira pamene kampani inali abwana ndi tebulo limodzi.

Asanabwere kwathu anali kalaliki pasiteshoni ya sitima. Ankakonda kutisimbira kuti kumeneko bwana wawo ankawaletsa kulemba pabolodi kuti sitima yachedwa. Anthu akafunsa, ankayenera kuyankha kuti ili m'njira. Ndiye amayi ankakhala pabenchi ndi ana tsiku lathunthu, osayerekeza n'kupita kukagula madzi komwe, kuopa kuti ingawasiye.

“Munthu amatha kudikira, mwananga,” ankandiuza choncho. “Koma umuuze kuti adikira mpaka liti, ndiponso chifukwa chiyani. Ukamubisira, wamumangirira pabenchi.”

Akazi awo anamwalira zaka zitatu nkhaniyi isanachitike. Kuyambira pamenepo ofesi inasanduka kwawo. Ankafika m'mawa wina aliyense asanabwere, n'kutsegula mawindo, kuthirira kamtengo ka m'chitini kamene kanali pa desiki yawo, kenako kuwiritsa madzi a tiyi. Mwana wawo wamkazi ankawachonderera kuti akakhale naye, iwo n'kumakana. Tsiku lina anandiuza poyera kuti kunyumba kuli zii, makoma okhaokha, ndipo akadzachoka pa desiki imeneyo sakudziwa kuti m'mawa azidzadzukiranji. Ndinaseka, ndimayesa nthabwala.

Imelo zawo zinali ndi malamulo. Pamwamba ankaika kadontho ka mtundu: kobiriwira ngati zonse zili bwino, kachikasu ngati pali chokayikitsa, kofiira ngati tsiku lolonjezedwa lalephereka. Deti linkakhala mumzere woyamba. Ndipo asanatumize, ankaiwerenga mokweza, ine n'kumamvetsera, kuti ngati pali mawu ozembera tiwagwire. Mawu akuti “posachedwa” ankadana nawo ngati nsabwe.

Chaka chimenecho tinali ndi kasitomala wamkulu kuposa onse, bungwe lina la zaumoyo lomwe alangizi ake amayendera odwala m'makomo. Tinkawapangira pulogalamu ya pafoni yolembamo zimene apeza. Mbali imene ankaifunitsitsa inali yoti mlangizi azitha kulemba ngakhale kumene kulibe netiweki, ndipo foni ikadzapeza netiweki, izitumiza yokha zonse ku kompyuta yaikulu. Tinalonjeza kuti mbali imeneyi ikhala itatha pa 20 Ogasiti. Mayi amene ankayang'anira ntchitoyi ku bungweko, ife tinkangoti Mayi a ku Bungwe, anali ataitana kale alangizi makumi anayi kuti adzaphunzire tsiku limenelo.

Amene ankalemba mbaliyi anali Mlongoti, mnzathu wamtali woti akaima amatseka windo. Anaiyesa ndi foni imodzi, inayenda bwinobwino, abwana n'kuwomba m'manja. Koma pa 20 Julayi ine ndinatenga mafoni awiri, n'kuzimitsa netiweki pa onse. Pa foni yoyamba ndinalemba kuti wodwala wina wapatsidwa mankhwala. Pa yachiwiri ndinalemba kulemera kwa wodwala yemweyo. Nditayatsa netiweki, kulemera kunafika, koma za mankhwala zinasowa. Foni imene yatumiza pomaliza inkafufuta zimene inzake inalemba, popanda n'chenjezo lomwe.

Ndinabwereza kasanu. Kasanu konse zinafufutika. Abale, ndinachita mantha, chifukwa alangizi a bungwelo amayenda awiriawiri. Wodwala akanatha kupatsidwa mankhwala kawiri, foni ikunena kuti sanalandire.

Mlongoti anagwira mutu. Anati vutolo si la pamwamba ayi, n'la mmene zinthu zimasungidwira. Pulogalamu inkatumiza khadi lonse la wodwala nthawi imodzi, pamene inkayenera kutumiza chilichonse cholembedwa pachokha, kuti kompyuta yaikulu iziphatikiza. Kukonza kwake kunali kulembanso mbali yonseyo.

Abwana athu si munthu woipa, ndinene chilungamo. Koma ndi wamantha, ndipo mantha awo amatuluka ngati ukali. Anati bungwelo likangomva, litithawa, kampani n'kutsekedwa. Anauza Mlongoti kuti ayese kungomata vutolo pamwamba, anauza ine kuti nditseke pakamwa, ndipo a Lachisanu anawauza kuti alembe zobiriwira.

A Lachisanu analemba. Lachisanu loyamba, kadontho kobiriwira. Lachiwiri, kobiriwiranso. Maulendo onse awiriwo sanandiitane kuti ndidzamve akuwerenga. Anangotumiza mwakachetechete, n'kupita kukaima pawindo kumayang'ana anthu akupopa matayala. Inenso ndinangoti phee. Pakamwa panga ponsepa, pamene anthu amapaopa, panalibe chotuluka. Mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Kumata kwa Mlongoti kunakanika. Lachisanu pa 7 Ogasiti, kutatsala masabata osakwana awiri, a Lachisanu anakoka mpando n'kukhala pakati pa ine ndi Mlongoti, kope lili m'manja.

“Achimwene,” anatero kwa Mlongoti, “musandiuze zondisangalatsa. Kulembanso kukutengerani nthawi yaitali bwanji?”

“Mwina masabata awiri, ndikalimbikira.”

“Ndati musandisangalatse. Mukadwala mutu tsiku limodzi? Nanga zakale zimene zili kale m'kompyuta yaikulu, sizifunika kusamutsa?”

Mlongoti anakanda m'mutu. “Anayi.”

“Nanga inu, mwananga?”

Ndinati ndikufuna masabata awiri oyesa, ndi mafoni osachepera asanu, ena akale. Iwo anawonjezera sabata imodzi yoti alangizi ochepa akayese kumudzi kwenikweni, ndi masiku angapo apadera. Anawerenga pa kalendala ya pakhoma ndi chala, n'kuzunguliza 1 Okutobala.

Abwana anali atakonza kale imelo yawo. Inkanena kuti ntchito yatsala pang'ono, tikungosalaza, ndipo ngati pangakhale kuchedwa kwa masiku ochepa, n'chifukwa choti bungwelo linachedwa kutitumizira mndandanda wa midzi. Mndandandawo unachedwadi, masiku atatu, koma sunkakhudzana ndi vutoli ngakhale pang'ono. Anauza a Lachisanu kuti aitumize ngati kuti ailemba iwowo.

A Lachisanu analowa m'kachipinda ka abwana n'kusiya chitseko chili pululu. Tonse tinamva.

“Bwana, iyi sinditumiza. Ndalemba ina, nayi, muiwerenge. Ndikupemphani kuti tiitumize limodzi.”

Abwana anaiwerenga. Kenako anakuwa. “Mukufuna kundiphera kampani? Mwalemba kuti tinadziwa kale! Ndani amalemba zoterezi?”

“Mayi aja aitana anthu makumi anayi. Ena achokera kutali, asiya odwala. Tikawauza lero angathe kusintha. Tikawauza pa 19, tawamangirira pabenchi.”

“Mukaitumiza imeneyo, mulongedze katundu wanu.”

“Ndamva, bwana.”

A Lachisanu anatuluka nkhope ili gwaa, abwana n'kumenyetsa chitseko. Anakhala pa desiki yawo, n'kukonza tayi. Ine ndinawanong'oneza kuti aganize bwino, kuti ntchito pa msinkhu wawo sadzaipezanso. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

“Ndikudziwa, mwananga. Khalani apa mumve, mundigwirire mawu ozembera.”

Anawerenga motsitsa, ndipo ndinaisunga imeloyo mpaka lero. Mutu wake unali wakuti: “Kofiira: mbali yolemba popanda netiweki yachedwa, deti latsopano ndi 1 Okutobala.” Ndiye inkati:

“Mayi, mbali yolemba popanda netiweki sikhala itatha pa 20 Ogasiti monga tinalonjezera. Tidzaipereka Lachinayi pa 1 Okutobala.

“Chifukwa chake ndi ichi. Alangizi awiri akalemba za wodwala mmodzi pa mafoni awiri opanda netiweki, foni yotumiza pomaliza ikufufuta zimene inayo inalemba. Izi zingachititse kuti zolemba za mankhwala zisowe. Sitingakupatseni chinthu chotere. Vutoli ndi la mmene ifeyo tinapangira pulogalamu, osati la kanthu kalikonse kochokera kwa inu.

“Tinaliona pa 20 Julayi. Tinayesa kulikonza mwachidule, zinakanika. M'maimelo anga awiri apitawa ndinakulemberani kuti zonse zili bwino. Sizinali zoona, ndipo ndinayenera kukuuzani nthawi yomweyo. Pepani.

“Kuyambira Lolemba, tilembanso mbaliyi kwa masabata anayi, tiyesa kwa masabata awiri, kenako tikupempha alangizi anu asanu kuti aiyese kumudzi kwa sabata imodzi. Masiku otsalawo ndi okonzera zimene angapeze. Chimene chingasunthe detili ndi ngati kusamutsa zolemba zakale kungavute. Zimenezi tidziwa pofika pa 4 Seputembala, ndipo ndidzakuuzani tsiku lomwelo.

“Mbali yolemba pamene pali netiweki ndi yokonzeka, mungathe kuyamba nayo pa 20 Ogasiti. Za maphunziro a alangizi, mungawasunthe onse, kapena kuphunzitsa mbali yokonzekayi kaye. Ndingakuimbireni Lolemba m'mawa kuti tikambirane?”

Atamaliza anandifunsa ngati ndagwira kanthu. Ndinapukusa mutu. Mlongoti anati bwanji alembe kuti wolakwa ndi iyeyo. A Lachisanu anakana. Anati kasitomala sanalembe ntchito Mlongoti, analemba kampani, ndipo dzina lokha loyenera kuoneka m'menemo ndi la amene ananama. Anaika abwana pa anthu olandira nawo, n'kudina. Inali 3 koloko ndendende.

Kenako anatenga katoni ya mapepala, n'kuikamo kapu yawo, chithunzi cha akazi awo ndi kope. Kamtengo ka m'chitini anandisiyira ine. Tonse tinkayembekeza kuti abwana atuluka n'kunena kuti amangolankhula ndi mkwiyo. Chitseko chawo sichinatseguke. A Lachisanu anatsika masitepe pang'onopang'ono, katoni ili pachifuwa, ndipo anyamata a matayala anawapatsa moni ngati masiku onse.

Lolemba Mayi a ku Bungwe anaimba. Anali okwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Anakalipa pafupifupi theka la ola, abwana akungoti “inde mayi, pepani mayi.” Koma sanatithawe. Anasuntha maphunziro, natipatsa alangizi asanu aja. Pomaliza anafunsa kuti bambo amene analemba imeloyo ali kuti. Abwana anayankha kuti apuma pantchito.

Ha! Ine magazi anawira. Nditangoona kuti foni yadulidwa ndinalowa, n'kuwauza kuti imelo imeneyo ndi imene yapulumutsa kampani, awaitane bambo aja abwerere. Abwana anayang'ana kumbali. Anati munthu amene wawanyoza pamaso pa antchito sangakhale nayenso, ngakhale akhale wolondola chotani. Ntchito ya maimelo anaipereka kwa ine.

A Lachisanu anasamukira kwa mwana wawo, m'kachipinda ka kuseri komwe kale ankasungiramo njinga. Loweruka lililonse ankandiimbira. Ankayamba ndi ntchito: Mlongoti wafika pati, zakale zasamuka bwino, mafoni akale akuti bwanji. Pomaliza, ngati akungodutsa, ankafunsa kuti, “Nanga abwana, sananenepo kanthu?”

Ine ndinkati akuganizabe. Sabata ina ndinati mtima wawo ukuoneka kuti ukutsika. Ina ndinati tidikire ntchitoyi ithe kaye, zikhala bwino. Ndinkawamvera chisoni, ndipo mawu awo akapepuka pafonipo, ndinkadziuza kuti ndachita bwino. Chonsecho pa desiki yawo anali ataikapo kale makina osindikizira mapepala.

Pa 1 Okutobala, 10 koloko m'mawa, tinapereka mbali ija. Alangizi asanu aja anali atapeza tizovuta tiwiri, ndipo masiku apadera amene a Lachisanu anaumirira ndi amene anatikwanira kukonza. Mayi a ku Bungwe analemba kuti zikomo, ndipo tiwapatsire moni bambo aja. Ndinasindikiza imeloyo, mawa lake masana ndinapempha kutuluka, n'kukwera minibasi kupita nayo.

Mwana wawo anandilandira pakhomo, khanda lili kumsana. Anandinong'oneza kuti, “Anti, bambo sakudya bwino. Lamlungu lililonse amasita malaya asanu, ati mwina aitanidwa Lolemba. Ndikawauza kuti asiye, amati inuyo mwanena kuti abwana akuganiza.”

Ndinalowa m'kachipinda ka a Lachisanu. Ndinawapeza atakhala pabedi, atavala tayi yabuluu ija, poti linali Lachisanu. Anali ataonda, kolala ikuchita kulendewera. Kuseri kwa chitseko kunali malaya asanu pamahang'ala, ndipo katoni ija inali pansi pa tebulo, yosamasula.

“Mwananga! Deti lija?”

“Tapereka dzulo, bambo. 10 koloko.”

Anaseka mpaka kutsokomola, akumenya bondo. Anawerenga kalata ya Mayi a ku Bungwe kawiri, n'kuipinda bwinobwino. Anafunsa ngati imelo ya lero ndatumiza. Ndinati ndinatumiza ndisananyamuke, deti mumzere woyamba. Anagwedeza mutu mokhutira. Kenako anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya tayi.

“Ndiye ntchito yatha. Munati ikatha, abwana anena. Anena chiyani?”

Ndinatsegula pakamwa, ndipo mawu anali atafika kale palilime: posachedwa. Ndinawameza. Iwo anaona.

“Masabata asanu ndi atatu mwakhala mukundipatsa zobiriwira,” anatero mofatsa. “Ine ndi amene ndinakuphunzitsani ntchito imeneyi. Ndipatseni bwinobwino. Mtundu, deti, ndi chifukwa.”

Misozi inangoyamba yokha. Ine, Mayi Zavuta, woopedwa ndi ofesi yonse, ndinalira ngati mwana pa mpando wa pulasitiki.

“Kofiira, bambo,” ndinatero. “Deti palibe. Sakuitanani. Ananena Lolemba loyamba lomwe lija kuti sangakhalenso nanu, chifukwa munawakanira pamaso pa anthu. Pa desiki yanu aikapo makina. Ndinadziwa kuyambira tsiku limenelo, koma ndinakunamizani. Pepani.”

Anayang'ana malaya aja. Panja khanda linkalira, mayi ake akulitonthoza.

“Mwalemba bwino,” anatero pomaliza. “Mukanangoitumiza msanga.”

Anamasula tayi, n'kuikulunga pa dzanja. Kenako anandipempha kuti ndiwakokere katoni ija pansi pa tebulo. Anatulutsa chithunzi cha akazi awo n'kuchiimika pawindo, kapu n'kuiika pambali pake. Anaitana mwana wawo, n'kumuuza kuti malaya aja awachotse pamahang'ala, awapinde, awaike m'sutikesi.

Potuluka anandiperekeza mpaka pageti, akuyenda pang'onopang'ono. Anandifunsa ngati kamtengo kaja kakadali moyo. Ndinati kali moyo, katulutsa masamba awiri.

“Zoona?”

“Tsamba limodzi, bambo. Linalo linauma.”

Anagwedeza mutu, n'kutseka geti.